A, B kapena C: inshuwaransi ya katundu wa pa ulendo, ndi zoyenera kuchita kontena ikafika yonyowa

Munthu amene waitanitsa nsalu kuchokera kutsidya la nyanja amakhala ndi mapepala ambiri m'manja, ndipo pepala limene saliwerenga kawirikawiri ndi la inshuwaransi. Amangoona kuti lilipo, lili ndi chidindo, basi mtima pansi. Koma penapake pa pepalalo pali mzere waufupi wolembedwa Institute Cargo Clauses, ndipo kutsogolo kwake kuli chilembo chimodzi: A, B kapena C. Chilembo chimenecho ndi chimene chidzagamule ngati adzalandira ndalama kapena adzabwerera chimanjamanja tsiku limene kontena idzatsegulidwe n'kupeza nsalu zikununkha nguwi.

Mfundo zimenezi zinalembedwa ndi makampani a inshuwaransi a ku London. Zinayamba kugwira ntchito mu 1982, ndipo zinakonzedwanso pa 1 Januwale 2009. Makampani a m'mayiko ambiri amangozitenga momwe zilili n'kuzimata pa mapangano awo, choncho mukazidziwa bwino mwadziwa zimene mudzakumane nazo pafupifupi kulikonse. Apa ndikamba za mu 2009. Ngati pepala lanu likutchula za mu 1982, mawu ena ndi osiyana pang'ono, makamaka pa nthawi imene inshuwaransi imayamba ndi kutha.

Tiyambe ndi C, yotsika mtengo kuposa zonse

C ili ndi mndandanda waufupi wa ngozi, ndipo imalipira pokhapokha katundu atawonongeka chifukwa cha ngozi imene ili pa mndandandawo. Ngozizo ndi moto kapena kuphulika, sitima kumira, kutembenuzika kapena kutitimira pa mchenga ndi miyala, lole kugubuduzika kapena sitima yapamtunda kuchoka pa njanji, chombo kapena galimoto kugundana ndi chinthu china, kutsitsa katundu pa doko lothawirako sitima ikakhala pa mavuto, ndi kutayira dala katundu m'nyanja pofuna kupulumutsa sitima. Mukaonetsetsa, zonsezi ndi ngozi zimene zimagwera chonyamuliracho. Sitima ikafika bwinobwino, lole ikafika bwinobwino, koma katundu wanu yekha ndiye wawonongeka, C sikudziwani.

Ndiye taganizirani zimene zimachitikadi kawirikawiri. Fokolifiti yaboola katoni. Bokosi lagwa pokweza. Madzi alowa. Makatoni khumi asowa pakati pa doko ndi nyumba yosungiramo katundu. Palibe ngakhale chimodzi mwa izi chimene chili pa mndandanda wa C. Sitima kumira ndi nkhani yomveka pa wailesi, koma pa makontena onse amene amafika ndi vuto, ambiri amakhala atakumana ndi tingozi ting'onoting'ono timeneti, topanda mboni.

Sikuti C ndi yachabechabe. Amene amanyamula zitsulo zakale, miyala ya m'migodi kapena katundu wina wosaopa kunyowa ndi kukalika amaipeza yokwanira, chifukwa chimene amaopa ndi kutaya zonse nthawi imodzi. Makampani ambiri salolanso kupereka A pa makina ogwiritsidwa kale ntchito, poti n'kovuta kusiyanitsa chilema chakale ndi cha pa ulendo, ndiye mwini makinawo amapatsidwa C kapena A yodulidwa mapiko.

B, ya pakati

B imatenga zonse za C n'kuwonjezera zingapo: chivomezi, kuphulika kwa phiri, mphezi, katundu kukokoloka ndi mafunde kuchoka pamwamba pa sitima, madzi a m'nyanja kapena a mumtsinje kulowa m'sitima, m'kontena kapena mosungira katundu, ndiponso phukusi lathunthu kugwa n'kuwonongekeratu pokweza kapena potsitsa m'sitima. Mawu awiri apa ndi msampha. Oyamba ndi "madzi a m'nyanja kapena a mumtsinje": mvula palibepo. Achiwiri ndi "kuwonongekeratu": bokosi likagwa n'kusweka theka la za m'kati, mfundo imeneyi sikugwira. Kuba sikuli mu B, monganso sikuli mu C, ndipo zonse ziwiri zimakana kulipira katundu amene munthu wina wawononga mwadala, pokhapokha mutagula mfundo yowonjezera.

Kunena zoona, B ndimaiona ngati nsapato ya phazi limodzi. Amene akufuna kusunga ndalama amapita ku C, amene akufuna chitetezo amapita ku A, ndipo B imatsala pa katundu wochepa amene mdani wake wamkulu ndi madzi amchere.

A, imene amati ya ngozi zonse

A imayenda mosemphana ndi zinzake. M'malo motchula zimene imalipira, imanena kuti ngozi iliyonse yowononga kapena kusowetsa katundu ili m'kati, kupatula zimene zatchulidwa kuti zili kunja. Kusiyana kwenikweni kuli pa funso lakuti ndani ayenera kubweretsa umboni. Pa B ndi C, inuyo ndi amene muyenera kusonyeza kuti ngozi yakutiyakuti ya pa mndandanda inachitika, ndipo ndiyo inawononga katundu. Pa A, mukungoyenera kusonyeza kuti katundu ananyamuka ali bwino, wafika atawonongeka, ndipo chinamuwononga ndi ngozi, osati chinthu choti chikanachitikabe. Ngati kampani ikukana, ndi iyo iyenera kutsimikiza kuti nkhaniyo ikugwera pa zimene zinapatulidwa.

Mfundo imeneyi ndi yakale. Mu 1921 bwalo lalikulu la ku Britain linaweruza mlandu wa British and Foreign Marine Insurance ndi Gaunt, wokhudza ubweya wa nkhosa umene unachokera ku South America n'kufika ku England utanyowa. Mwini ubweya sanathe kunena kuti unanyowera pati penipeni. Bwalo linati safunika kutero: pa inshuwaransi ya ngozi zonse n'kokwanira kusonyeza kuti panachitika changozi. Kwa munthu amene katundu wake wadutsa m'manja mwa makampani anayi kapena asanu m'mayiko amene iye sanapondeko, mwayi umenewu ndi umene akugula akamalipira A. Kontena ilibe zenera, ndipo palibe amene adzabwere kudzaulula kuti ndi iye anaigwetsa.

Koma dzina lakuti "ngozi zonse" lapusitsa anthu ambiri. A sililipira katundu amene wawonongeka chifukwa cholongedza mosasamala, ngati munalongedza ndi inu, antchito anu, kapena ngati kulongedzako kunachitika inshuwaransi isanayambe, ndipo kasanjidwe ka katundu m'kontena kamawerengedwa ngati kulongedza komwe. Sililipira kuwonongeka kochokera mu chibadwa cha katunduyo, monga mbewu zolongedzedwa zisanaume n'kuyamba kutentha zokha, kapena zipatso kupsa n'kuola. Sililipira kuchepa kwa masiku onse kwa kulemera kapena kudontha pang'ono. Sililipira zobwera chifukwa cha kuchedwa, ngakhale kuchedwako kutayamba ndi ngozi imene ili m'kati mwa pangano. Nkhondo, sitalaka, zipolowe ndi uchigawenga zili kunja, ndipo zimagulidwa padera pa mfundo zotchedwa Institute War Clauses ndi Institute Strikes Clauses. Ambiri amaziphatikiza ndi A, koma yang'anani ngati zalembedwadi. Chodabwitsa n'chakuti achifwamba a panyanja ali m'kati mwa A, pomwe mu B ndi C mulibe.

Mwa zonsezi, chimene ndaona chikugwetsa anthu kwambiri ndi kulongedza. Makina olemera aikidwa m'kontena osamangidwa, sitima yagwedezeka pa mafunde, makinawo atsetsereka n'kuphwanya zonse. Mwini akuti ndi ngozi ya panyanja. Kampani ikuti mafunde ndi chinthu cha masiku onse, ndipo katundu womangidwa bwino akanapirira. Kawirikawiri kampani ndi imene imapambana.

Bwanji osangodalira wonyamula katundu?

Pali njira yachinayi imene anthu amasankha osadziwa kuti asankha: kusagula inshuwaransi, poganiza kuti wa sitima kapena wa lole akawononga adzalipira. Adzalipira mwina, koma malamulo a mayiko anamuikira malire. Pa malamulo a Hague-Visby, amene amagwira ntchito pa maulendo ambiri a panyanja, wonyamula salipira kuposa 666.67 SDR pa phukusi limodzi kapena 2 SDR pa kilogalamu, kutengera chimene chachuluka. SDR ndi ndalama yowerengera ya bungwe la IMF, ndipo imodzi imaposa dola imodzi ya ku America pang'ono. Tiyerekeze bokosi limodzi la makina lolemera makilogalamu 400, la mtengo wa madola 60,000. Likaphwanyika, malire a wonyamula ndi 800 SDR, kungodutsa madola 1,000 pang'ono. Ndipo ngakhale zochepazo angathe kuzikana, chifukwa malamulo omwewo amamumasula pa zinthu monga kulakwitsa kwa oyendetsa sitima pa kayendetsedwe kake, komanso moto umene sunayambe chifukwa cha kulakwa kwa mwini sitimayo.

Palinso chinthu china chimene chimadzidzimutsa amene alibe inshuwaransi. Pa mapepala chimalembedwa General Average, ndipo tanthauzo lake ndi kusonkherana. Sitima ikakhala pa ngozi, ndipo pawonongedwa ndalama kapena katundu wina kuti onse apulumuke, aliyense amene katundu wake wapulumuka amasonkha molingana ndi mtengo wa katundu wake. Zinachitika sitima ya Ever Given itatsekereza ngalande ya Suez mu Malichi 2021. Katundu wanu akhoza kukhala wopanda ndi kachilema komwe, koma simumutenga mpaka mutapereka chikole. Amene ali ndi A, B kapena C, kampani yake imalemba kalata ya chikole ndipo katundu amatuluka. Amene alibe amatulutsa ndalama m'thumba. Pa chifukwa chimenechi chokha, C ndi yabwino kuposa kukhala wopanda kanthu.

"Wogulitsa anati inshuwaransi ili m'kati"

Safunsa anadya phula. Mukagula katundu pa CIF, pangano limene mtengo wake umaphatikiza katundu, inshuwaransi ndi malipiro a sitima mpaka pa doko lofikira, wogulitsa amalipiradi inshuwaransi, koma malamulo a malonda a pakati pa mayiko otchedwa Incoterms 2020 amangomukakamiza kugula C. Pa CIP, pangano lofanana nalo koma logwira pa chonyamulira chilichonse mpaka malo otchulidwa, ndi pamene amayenera kugula A. Pa zonse ziwiri mtengo wotetezedwa uyenera kukhala wosachepera 110 peresenti ya mtengo wa pa mgwirizano. Wogulitsa amene simunamuuze kanthu adzagula yotchipa, ndipo sanalakwe. Kumbukiraninso kuti pa CIF ngozi imakhala pa mutu panu kuyambira pamene katundu wakwera m'sitima ku doko lonyamukira, choncho wodandaula ku kampani ya inshuwaransi ndinu, osati wogulitsa. Ndipo inshuwaransi ya CIF ikhoza kuthera pa doko lofikira, pomwe katundu wanu akadali ndi ulendo wa masiku angapo pa msewu, umene nthawi zambiri ndi woopsa kuposa wa panyanja. Funsani kuti satifiketi itchule malo enieni amene katundu akukathera, ndipo wogulitsa aisayinire kumbuyo kuti ufulu wolandira ndalama ukhale wanu.

Nthawi nayo ili ndi malire. Inshuwaransi imayamba pamene katundu wasunthidwa koyamba m'nyumba yosungira kuti akwezedwe, ndipo imatha akamaliza kutsitsidwa kumalo omaliza otchulidwa. Koma imathanso msanga mukasankha kumusunga penapake panjira kapena kumugawa kuchokera pamenepo, kapena pakatha masiku 60 chitsitsireni m'sitima pa doko lomaliza, chilichonse chimene chayamba kuchitika. Pa ndege ndi masiku 30. Kontena ikakakamira pa doko kudikira mapepala a msonkho, masikuwo akuwerengedwa. Mukaona kuti akutha, uzani kampani isanakwane nthawi kuti iwonjezere.

Mipukutu 500 ya nsalu

Tiyeni titsatire kontena imodzi. Ndi chitsanzo chongoyerekeza, koma masamu ake ndi amene amagwiritsidwa ntchito. Mayi wina wochita malonda waitanitsa mipukutu 500 ya nsalu. Mtengo wa nsalu, wa sitima ndi wa inshuwaransi pamodzi ndi madola 50,000. Awonjezera 10 peresenti, ndiye mtengo wotetezedwa ndi madola 55,000, kutanthauza madola 110 pa mpukutu uliwonse. Pangano lili ndi ekisesi ya madola 500, ndalama imene mwini katundu amasenza yekha pa ngozi iliyonse.

Lole yafika madzulo. Dalaivala watopa, akufuna asayinirwe pepala abwerere. Apa ndi pamene nkhani yonse imapindulira kapena kutayikira, ndipo zimatenga mphindi makumi awiri okha. Mayiwa asanasayine, azungulira kontena n'kujambula mbali zonse, nambala ya kontena ikuoneka. Ayang'ana silo, kaloko ka nambala kaja kamakhala pa chitseko, n'kuyerekeza nambala yake ndi imene ili pa chikalata cha sitima, chija chimalembedwa Bill of Lading pamwamba. Nambala zikufanana, silo sinathyoledwe. Aijambula isanadulidwe, ndipo ikadulidwa aisunga. Zitseko zitangotseguka, fungo la chinyezi lawalandira, ndipo pansi pa kontena pali madzi.

Pamenepo auza anyamata kuti ayambe aima. Ajambula m'kati katundu asanakhudzidwe. Kenako pa pepala la dalaivala, pamwamba pa siginecha yawo, alemba kuti: "Katundu walandiridwa wonyowa, madzi ali pansi pa kontena, kuchuluka kwa zowonongeka kudziwika pambuyo poyeza." Alemba tsiku ndi nthawi, dalaivala asayina, iwo atsala ndi kope. Mawu ongoti "sindinayang'ane m'kati" sathandiza kwenikweni. Lembani chimene maso anu aona. Akanangosayina pepala loyera, bwenzi atavomereza ndi dzanja lawo kuti katundu wafika bwino, ndipo wonyamula akanadzaliimika pepalalo pamaso pawo.

Usiku womwewo atumiza uthenga ku kampani ya inshuwaransi, kapena kwa mkhalapakati amene anawagulitsa pangano, ndi nambala ya satifiketi ndi zithunzi. Pa satifiketi pamakhala dzina la nthumwi yoti muidziwitse kudziko lofikira katundu. Nthawi zambiri imakhala nthumwi ya Lloyd's, msika wa inshuwaransi wa ku London, kapena kampani ina yoyeza zowonongeka. Iwo ndi amene amatumiza saveya, katswiri wodzaona ndi kuyeza zowonongekazo. M'mawa mwake mayiwa alemba kalata kwa onse amene anagwirapo kontenayo, a sitima, a lole ndi ejenti woyendetsa katundu, kuwauza kuti katundu wafika wowonongeka, kuti akuwapatsa mlandu, ndipo akuwaitana kudzaonerera poyeza. Safunika kudziwa wolakwa, ndipo safunika kutchula ndalama. Chofunika ndi tsiku la pa kalatayo. Pa Hague-Visby, kuwonongeka kooneka kumanenedwa polandira katundu, ndipo kobisika pasanathe masiku 3. Pa katundu wa ndege, pangano la Montreal limapereka masiku 14. Kumene malamulo a CMR amagwira ntchito pa malole odutsa malire, ndi masiku 7 pa zobisika. Kwina konse, werengani kumbuyo kwa pepala la wonyamula.

Mwina mungafunse kuti bwanji kuvutika ndi wonyamula pomwe inshuwaransi ilipo. Chifukwa chake n'chakuti kampani ikakulipirani imalowa m'malo mwanu n'kukafuna ndalama zake kwa wolakwa. Mfundo ya nambala 16 ya mu A, B ndi C imakulamulani zinthu ziwiri: kuchepetsa kuwonongeka, ndi kusunga ufulu wanu pa onyamula ndi ena. Mukautaya ufuluwo mwa kunyalanyaza, kampani ikhoza kuchotsa pa ndalama zanu zimene ikanapeza kumeneko. Ufulu wosumira wa sitima pa Hague-Visby umatha pakapita chaka chimodzi, ndiye nayonso kampani ili pa liwiro.

Lamulo lochepetsa kuwonongekalo likutanthauza kuti mayiwa sangasiye nsalu zonyowa zitaunjikana sabata yonse kudikira saveya. Atajambula, atulutsa mipukutu, kupatula youma ndi yonyowa, n'kuyanika yonyowayo pamalo opita mphepo. Ndalama zolipira anyamata ndi malo asunga malisiti ake, chifukwa kampani imabweza ndalama zogwiritsidwa ntchito moyenera pa ntchito yotere. Chimene sakuchita ndi kutaya kapena kugulitsa kanthu, ngakhale mapulasitiki okutira. Ndipo apempha kuti kontena isabwezedwe saveya asanaione. A sitima amalipiritsa tsiku lililonse kontena ikachedwa kubwerera, ndiye ambiri amathamangira kuibweza, umboni n'kupita nayo. Ngati palibe kuchitira mwina, lowani m'kati, wina atseke zitseko, muyang'ane kumwamba. Bowo limaonetsa kuwala. Lijambuleni m'kati ndi kunja, ndipo lilembedwe pa pepala lobwezera kontena.

Madzi anachokera kuti

Saveya akafika, funso lake lalikulu ndi limeneli, chifukwa yankho lake ndi limene limalumikiza nsalu zonyowa ndi chilembo cha pa pangano. Amayang'ana kaye malo amene madzi akhudza. Ngati zonyowa zili pamalo amodzi kuchokera pamwamba kutsika pansi, madzi analowera pa denga. Ngati mizere yapansi yokha ndi yonyowa, ndipo pa makoma pali mzere wa matope wofanana msinkhu mbali zonse, kontena inaima m'madzi. Ngati mzere wapamwamba wonse uli ndi timadontho paliponse, denga lili ndi mame koma mulibe bowo, ndiye ndi thukuta la kontena: chinyezi chimene chinali kale m'kati chinasanduka madzi pa denga lozizira n'kumadonthera pansi. Kenako amayeza mchere. Amatenga madzi ochapira kachidutswa ka nsalu n'kudonthezamo mankhwala otchedwa siliva naitireti. Ngati muli mchere, madziwo amachita mbuu ngati mkaka. Imeneyi ndi njira yoyambira chabe, ndipo pakakhala mkangano zitsanzo zimapita ku labotale.

Pa kontena ya mayiwa, saveya wapeza bowo pa denga pafupi ndi kona, pamene chitsulo chonyamulira makontena chinaphonya n'kuboola. M'mphepete mwa bowo chitsulo chikuwala, dzimbiri langoyamba kumene, kusonyeza kuti ndi la pa ulendo uno. Mchere mulibe. Ndi mvula. Mipukutu yokhudzidwa ndi 120.

Tsopano onani zilembo zitatu zija. Pa C, palibe cholandira: sipanakhale moto, sitima sinamire, lole sinagubuduzike. Pa B, palibenso cholandira, chifukwa madziwo si a m'nyanja kapena a mumtsinje. Akanapezeka amchere, B ikanalipira. Pa A, nkhani ndi yowongoka. Koma saveya akanapeza kuti ndi thukuta la kontena, ngakhale A ikanakhala ndi mkangano, chifukwa kampani ikanafunsa ngati nsalu kapena matabwa a mapaleti sizinalongedzedwe zili ndi chinyezi, ndiponso ngati munali mapaketi oyamwa chinyezi. Milandu yotere ina imalipiridwa, ina ayi, kutengera chimene chapezeka kuti ndicho gwero lenileni.

Kawerengedwe ka ndalama kamadabwitsa ambiri. Kampani sichotsa mtengo wa nsalu zowonongeka pa madola 110 n'kukupatsani zotsala. Imayamba yapeza kuti nsaluzo zatsika mtengo ndi gawo lanji. Tinene kuti mpukutu wabwino ukugulitsidwa madola 150 pa msika wa kumene wafikira, ndipo wothimbirira, saveya atavomereza, wagulitsidwa madola 60. Watsika ndi madola 90 pa 150, ndiye 60 peresenti. Peresenti imeneyo ndi imene imaikidwa pa mtengo wotetezedwa. Mipukutu 120 pa madola 110 ndi madola 13,200, ndipo 60 peresenti yake ndi madola 7,920. Kuchotsa ekisesi, mayiwa alandira madola 7,420, ndipo pamwamba pake alandiranso ndalama zoyanikira zija, ndiponso malipiro a saveya ngati anayamba alipira okha. Ndalama zimene anagulitsa nsalu zothimbirira ndi zawo. Njira imeneyi inakhazikitsidwa mu lamulo la ku Britain la Marine Insurance Act la 1906, ndipo cholinga chake n'chakuti kukwera kapena kutsika kwa msika kusalowe m'nkhani ya inshuwaransi. Msonkho umene analipira pa mipukutu yowonongekayo subwera, pokhapokha akanauteteza padera pogula pangano, chinthu chimene ambiri amachikumbukira madzi atafika m'khosi.

Mapepala amene kampani idzafune ndi ochepa, koma lililonse lili ndi ntchito yake. Satifiketi ya inshuwaransi imasonyeza kuti ndinu woyenera kulandira. Invoisi imasonyeza mtengo, ndipo mndandanda wa zolongedzedwa umasonyeza kuchuluka. Chikalata cha sitima chopanda ndemanga yoipa ndi umboni wakuti katundu anakwera akuoneka bwino. Pepala la dalaivala lija, lokhala ndi mawu a mayiwa, ndi umboni wakuti anatsika atawonongeka. Pamwamba pake pabwera lipoti la saveya, makalata opita kwa onyamula ndi mayankho awo ngati alipo, zithunzi, ndi kalata yowerengera ndalama zimene mukufuna. Zikavomerezedwa, mudzasayina pepala lopereka ufulu wanu pa onyamula kwa kampaniyo. Musanafike pamenepo, wa lole akabwera ndi kandalama koti "tithane pompano", musasayine chilichonse chomumasula kampani yanu isanavomere.

Nanga bwanji makatoni akasowa, silo ili yosathyoka? Iyi ndi nkhani yovuta ngakhale pa A. Kampani idzafunsa kuti mukudziwa bwanji kuti makatoniwo analowa m'kontena poyamba, poti chikalata cha sitima chimangonena zimene wotumiza ananena, a sitima sanawerenge. Inshuwaransi imalipira katundu wobedwa pa ulendo, osati katundu amene wogulitsa sanalongedze. Umboni wake umakonzedwa ulendo usanayambe: zithunzi za pokweza, pepala la wowerenga woima payekha, tikiti ya sikelo ya kontena ponyamuka ndi pofika. Yang'ananinso zitsulo za pa chitseko, chifukwa akuba ena amamasula mabauti a chogwirira n'kutsegula silo osaikhudza. Utoto watsopano kapena bauti yosiyana ndi zinzake ndi chizindikiro choti mujambule.

Ine ndikanasankha chonchi. Pa katundu wolongedzedwa m'makatoni, zovala, zamagetsi, zida za makina, mankhwala, chilichonse choopa madzi, kugwa kapena manja a anthu, ndi A, pamodzi ndi mfundo za nkhondo ndi sitalaka, kuchokera kunyumba yosungira ya wogulitsa mpaka yanu. Pemphani mitengo ya A ndi C pa katundu yemweyo muione pambali pa inzake. Kawirikawiri kusiyana kwake ndi kachigawo kakang'ono ka mtengo wa katundu. Ngati A ikuoneka yodula, ndi bwino kukweza ekisesi kusiyana ndi kutsikira ku C, chifukwa mumasenza nokha tizilonda ting'onoting'ono koma kontena yonyowa ija imalipiridwabe. Katundu wa m'kontena yoziziritsa ali ndi mfundo zakezake, zimene zambiri zimafuna kuti makina oziziritsa akhale ataima kwa maola 24 otsatizana zisanalipire, ndiye A wamba musamudalire pamenepo. Ndipo amene amaitanitsa katundu mwezi ndi mwezi apemphe pangano lotseguka la chaka chonse, limene amangolengeza ulendo uliwonse, kuopa tsiku limene kontena idzanyamuke wina muofesi ataiwala kugula inshuwaransi yake.